Abale akati "mwanayu amulodza": momwe mungayankhulire nawo osakangana

Izi ndikulembera anzanga makiliniko ofesa, ma medikolo asisitanti ndi anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono kuno ku Salima, uko kunyanja monga ku Senga Bay, Lifuwu, Chipoka mpaka kumtunda ku Khombedza. Nkhani yake ndi ya wodwala amene wayamba kumene kuzungulira mutu ndipo abale ake abwera atatsimikiza kale kuti ndi zaufiti, kapena majini, kapena mizimu ya makolo. Ine maganizo anga ndi oti tisamataye nthawi kulimbana nawo pa nkhani ya chomwe chayambitsa matenda, mkangano umenewo simungapambane mu mphindi khumi pomwe panja pali mzere wa anthu. Zolimbana nazo ndi zochita: asamumange, asasiye mankhwala, asaloze munthu chala, ndipo abwerenso pa deti. Zinazo zimatsatira zokha akaona kuti mwana wawo wayamba kugona.

Tiyerekeze ndi mnyamata wa zaka 23, mlovi, amapita pa nyanja usiku kukapha usipa. Patha masabata atatu asakugona, akuyankhula yekha, akuti akumva mawu a anthu akumunyoza pomwe palibe munthu, nsima akukana ati muli poizoni. Abwera naye mayi ake ndi amalume ake, m'manja muli mabala a chingwe, pa mphumi ndi pachifuwa pali mphini zatsopano. Kwa sing'anga anapita kale ndipo anawauza kuti pali wachibale amene akufuna kukhwimira mwanayu kuti bizinesi yake ya nsomba iyende. Tiyende naye ameneyu.

Choyamba, thupi kaye

Musanayambe za ufiti kapena za ubongo, onetsetsani kuti si matenda a m'thupi amene asokoneza mutu, chifukwa amenewo amapha msanga. Muyezeni kutentha, malungo, shuga, gwirani khosi ngati lauma, yezani magazi za HIV ngati sizikudziwika. Mufunseni kuti ali kuti, lero ndi lachingati, awa abwera nawowa ndi ndani. Munthu amene akusokoneza malo ndi nthawi, pena akuwodzera pena akulusa, ndipo zayamba dzana lomweli, ameneyo muganizire malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, shuga kutsika, kuvulala mutu, kapena kuti anali chidakwa cha kachasu nde wasiya mwadzidzidzi masiku awiri atatu apitawa. Funsaninso ngati anagwako khunyu. Za chamba funsani ali yekha, pamaso pa mayi ake akana basi.

Kuyezaku kuli ndi phindu lina. Abale akaona mwamugwira, mwamubaya chala, mwamumvetsera pachifuwa, amayamba kuona kuti mwamutenga ngati wodwala wina aliyense. Ambiri amabwera akuyembekezera kuti tingomuyang'ana patali n'kulemba kalata ya ku Zomba. Mabala a chingwe aja atsukeni pompo, mphini nazo muzione ngati sizikuchita mafinya, osanenapo kanthu koipa.

Chachiwiri, afunseni zomwe iwo akuganiza, ndipo muwasiye amalize

Funso lake ndi losavuta: "Mayi, inu kumudziko mukuti vutoli ndi chani? Layamba bwanji?" Kenako: "Mwayendako kuti kale, ndipo anamupatsa chani?" Mukafunsa ndi nkhope yokwinya akuuzani kuti "ayi adokotala sitinapite kulikonse" pomwe mphini zikuoneka, chifukwa anazolowera kukalipidwa. Ine ndimayamba ndi kuwamasula, ndimati "anthu ambiri zikatere amayamba apita kwa asing'anga kapena kwa ashehe kapena kumapemphero, inu munayesako kuti?" Mukatero amamasuka n'kunena zonse, mpaka botolo la mankhwala akumwa amalitulutsa m'chitenje.

Apa mvetserani zinthu zitatu. Akuloza ndani. Akumwa chani. Ndipo mwini nkhani pabanjapo ndani, amene akanena kuti tibwerere kwa sing'anga aliyense anyamuka. Kwathu kuno nthawi zambiri amakhala amalume, mwini mbumba, ndiye mukatha mphindi zonse kufotokozera mayi okha amalume atakhala panja pa benchi, dziwani kuti mwalankhula ndi munthu amene sadzapanga chiganizo. Aitaneni alowe.

Pali msampha wina apa womwe umagwira ngakhale ife ophunzira. Munthu kunena kuti amulodza si chizindikiro cha matenda, theka la mudzi linganene zomwezo akadwala mutu sabata yathunthu. Ndiye kuti musiyanitse chikhulupiriro cha kwawo ndi maganizo a matenda, funsani abale omwewo: "Zomwe akunenazi inunso mukuziona choncho, kapena pena akupyola?" Pa mnyamata wathuyu amalume angakuuzeni kuti zoti amulodza akugwirizana nazo, koma zoti wailesi ikumanena za iye, kapena zoti mayi ake omubereka akumuthirira poizoni mu nsima, zimenezo ayi, si iye ameneyu. Apo ndi pomwe pali matenda, ndipo mwaonetsedwa ndi eni ake okhulupirira ufitiwo. Onjezani kusagona, kusasamba, kusiya ntchito, nkhani yaoneka.

Chachitatu, yankho la funso loti "ndiye inu mukuti sanamulodze?"

Lidzabwera ndithu funso limeneli, mukonzekeretu. Mukati "kulibe ufiti, zimenezo ndi zaumbuli" mwawataya, akugwedezerani mutu mwaulemu, alandira mankhwala, akafika kunyumba awaika pa denga. Mukati "eya mwina amulodzadi" kuti muwasangalatse, mwanama, komanso mwaika pa ngozi munthu amene akumulozayo chifukwa akanena kumudzi kuti ngakhale adokotala avomereza.

Ine ndimayankha chonchi: "Bambo, za ufiti ine sindinaphunzire ndipo ndilibe chida choyezera, nde sindingakuuzeni kuti uje ndi amene wachita. Chomwe ndikuchidziwa ndi ichi: kusagona, kumva mawu, kuopa chakudya, ndi matenda omwe timawaona kuno kawirikawiri, amagwira Mkhristu, Msilamu, wolemera, wosauka, ngakhale kumaiko komwe za ufiti sazikamba n'komwe. Ndipo mankhwala ake alipo." Palibe bodza m'menemo ndipo simunanyoze aliyense.

Kenako fotokozani matendawo m'mawu oti mayi aja akathe kubwereza kwa anansi awo. Ndimakonda kunena za maloto: munthu ukamalota umamva mawu, umaona anthu, umathamangitsidwa mpaka kutuluka thukuta, ndipo nthawi imeneyo sukayika kuti ndi zenizeni. Mwana wanuyu ubongo wake ukuchita zomwezo ali maso. Nde mawu akuwamvawo sakunama, akuwamvadi, kungoti akuchokera m'mutu mwake momwemo. Zimenezi zimathandiza pawiri, abale amasiya kumumenya kuti akuchita dala, komanso amamvetsa chifukwa chake kumutsutsa kuti "palibe munthu apa" sikuthandiza.

Akafunsa kuti nanga bwanji iyeyo osati anzake, nenani zomwe tikudziwa osawonjezera: pena zimayenda m'magazi, pena chamba chimazidzutsa makamaka kwa amene anayamba kusuta ali wamng'ono, pena mavuto aakulu ndi kusagona, ndipo pena sitipeza chifukwa chimodzi choloza. Pa za m'magazi samalani kanenedwe, chifukwa mukangoti "ndi za kumtundu" mwawonongera ukwati azichemwali ake onse. Nenani kuti kukhala ndi m'bale wodwala kumakweza mpata pang'ono koma abale ambiri a wodwala sadwala. Dzina lalikulu la matenda musathamangire kulemba tsiku loyamba, masabata atatu ndi ochepa kuti mutsimikize kuti ndi matenda okhalitsa.

Wodwalayonso muyankhuleni, osangokamba za iye ngati katundu. "Achimwene, ndikuona kuti mwatopa, masiku ambiri simunagone. Ndikufuna ndikupatseni mankhwala oti mugone komanso mawu akukuvutitsaniwo achepe." Za poizoni musamutsutse ndipo musavomereze, ingonenani kuti mukuona kuti akuchita mantha kwambiri. Mumufunse mosabisa ngati mawuwo akumuuza kuti adzipweteke kapena apweteke wina, kufunsa sikumupatsa maganizo amenewo. Akati eya, ameneyo si wobwerera kunyumba lero, mutumizeni ku chipatala chachikulu cha boma pa Salima pomwe, iwo ndi amene aone ngati n'kofunika kupita ku Zomba kapena ku St John of God ku Lilongwe.

Chachinayi, gawanani ntchito ndi zomwe amakhulupirira

Apa ndi pomwe ulemu umaonekera, osati pa mawu okoma. Zomwe sizipweteka zisiyeni. Chithumwa m'chiuno, kupempherera, duwa ya ashehe, kutsirika nyumba, nsembe kwa makolo, zonsezi sizilimbana ndi piritsi. Ndimawauza kuti pempherani ndithu, mukamaliza mumupatse mankhwala ake. Kulimbana ndi kachingwe ka m'khosi n'kungodzidanitsa.

Zakumwa za kwa sing'anga ndi nkhani ina, chifukwa sitidziwa muli chani ndipo zina zimasanzitsa, kutsegula m'mimba kapena kuwononga chiwindi ndi impso. Osalamula, pemphani: "Tiyeni botololi liyambe lapuma mwezi umodzi, kuti chikachitika china tidziwe kuti wachita ndi mankhwala ati." Ambiri amavomera chifukwa simunanene kuti ndi achabechabe, mwangopempha nthawi.

Ndiye pali zomwe muyenera kukana poyera, olo akwiye. Kumumanga ndi unyolo kapena chingwe pa mtengo, kumumenya kuti chiwanda chituluke, kumusalitsa kudya ndi kumwa masiku angapo kutentha kwa kuno, kumufukiza utsi m'bulangete, kutema mphini ndi lezala logwiritsa anthu ambiri, ndi kusiyitsa mankhwala ati kuti aonetse chikhulupiriro. Koma pokana perekani china m'malo mwake, poti sanamumange chifukwa cha nkhanza, anaopa kuti athawira m'nyanja usiku. Auzeni kuti mankhwalawa amugonetsa, azikhala naye anthu awiri amene iye amawakhulupirira mosinthana, achotse zikwanje, mipeni, zingwe ndi mankhwala a mbewu m'nyumba, achepetse gulu lobwera kudzaonerera, ndipo chakudya azidya naye mbale imodzi kapena aziphika iye akuona.

Za kuloza munthu nazo musazilambalale. Matenda amenewa amapangitsa wodwala kukayikira anthu amene ali naye pafupi, nde akatchula dzina la agogo ake kapena la wachibale wa bizinesi uja, abale amatenga ngati umboni woti wavumbulutsidwa. Auzeni kuti dzinalo latuluka m'matenda, mawa akhoza kutchula inu amalume, mkuja ine dokotala. Muwakumbutsenso modekha kuti lamulo la dziko lino la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndi mlandu. Mukaona kuti kumudziko zatentha moti nkhalamba ina ikhoza kumenyedwa, dziwitsani amfumu kapena apolisi, koma osaulula za matenda a wodwala wanu zomwe sizikufunika.

Chachisanu, mankhwala: nenerenitu zomwe zichitike zisanachitike

Gawo ili ndi lomwe limagwetsa ntchito yonse mukalidumpha. Buku la WHO lotsogolera pa matenda a maganizo, lotchedwa mhGAP, limati halopelido tiyambe ndi mamiligalamu 1.5 mpaka 3 pa tsiku, kolopulomazini, uja ambiri amati lagakitilo, 25 mpaka 50, n'kumakweza pang'onopang'ono. Yambani pansi ndithu kwa munthu amene sanamwepo. Vuto ndi loti halopelido, makamaka kwa anyamata ngati wathuyu, m'masiku oyambirira akhoza kuumitsa minofu mwadzidzidzi: khosi kupindikira mbali, maso kutembenukira kumwamba, lilime kutuluka, nsagwada kuuma, dovu kuchucha. Tsono taganizani mayi amene anauzidwa kale kuti mwana wawo ali ndi majini, akuona zimenezi usiku pa nyali ya koloboyi. Kwa iwo nkhani yatha, mizimu yakana mankhwala a kuchipatala, m'mawa kukacha ali pa kabaza ulendo kwa sing'anga ndipo inu simudzawaonanso.

Koma mukananeneratu zimatembenuka. "Mayi, mwina mawa kapena mkuja khosi likhoza kupindika chonchi, maso kuyang'ana kumwamba chonchi," muwaonetse ndi thupi lanu lomwe olo aseke. "Zikatero si mizimu, ndi mankhwalawa, mubwere naye nthawi yomweyo olo usiku, tili ndi ena omasula." Omasulawo ndi mapiritsi a ateni, ndipo ngati palibe dayazepamu amathandizako, kenako muchepetse mlingo. Zikachitika monga munanenera amayamba kukukhulupirirani kwambiri kuposa kale, poti kwathu kuno munthu amene wanena chinthu chisanachitike amamveredwa. Chomwe chili choopsa zedi, ngakhale sichichitikachitika, ndi thupi kutentha kwambiri pamodzi ndi kuuma thupi lonse ndi kusokonezeka, apo asiye mankhwala athamange naye.

Lagakitilo naye ali ndi zake. Amagonetsa, amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, ndipo khungu limapsa msanga ndi dzuwa, zomwe pa Salima mu Okutobala si nkhani yaing'ono. Kwa mlovi ndiye nenani mosapita m'mbali kuti pa bwato asakwere kaye mpaka muonane, munthu wowodzera pa nyanja usiku mukudziwa mapeto ake. Azithandiza za kumtunda, kusoka ukonde, kuyanika usipa pa thandala, bola asangokhala.

Nthawi nayo inenenitu. Tulo ndi kulusa zimasintha m'masiku ochepa, koma mawu ndi kukayikira zimatenga masabata, mpaka anayi kapena asanu ndi limodzi tisananene kuti mankhwalawa akanika. Mukapanda kunena, pakatha sabata amalume anena kuti tinanena ife kuti izi si zakuchipatala. Ndipo akachira apitirize kumwa osachepera miyezi 12 kuchokera pomwe zizindikiro zatha, kusiya kwake tidzagwirizane, pang'onopang'ono. Apa pali kusiyana kwa kaganizidwe komwe muyenera kukudziwa: kwa sing'anga chinthu akachichotsa chachoka, munthu wachira, zatha. Nde abale akaona mwana wayamba kuseka ndi kudya amaona ngati mapiritsi atha ntchito, ena amaopanso kuti azolowera. Fotokozani kuti matendawa amagona koma akhoza kudzuka, ndipo chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi tulo kusowanso masiku awiri atatu. Ngati kumwa tsiku ndi tsiku kukuvuta kuli jakisoni wa modeketi, timayamba ndi woyesera wa mamiligalamu 12.5, akamuyanja azibayitsa kamodzi pa masabata angapo.

Chachisanu ndi chimodzi, kusalana komwe kumayambira pa ife tomwe

Timakonda kunena kuti anthu akumudzi ndi amene amasala, koma tamvetserani pa khonde la chipatala: "a misala aja abwera", "gadiyani wa wopenga uja ali kuti", mokuwa, pamaso pa anthu a mudzi wake omwe abwera ku sikelo. Mnyamata ameneyo mwezi wamawa abweranso? Muitaneni ndi dzina lake ngati wina aliyense, tsekani chitseko, ndipo muuzeni mlonda ndi wokonza m'chipatala zomwezo chifukwa iwo ndi amene amakumana naye koyamba pa geti.

Mudziwenso chifukwa chake abale amakakamira za kulodzedwa. Munthu wolodzedwa ndi wolakwiridwa, anthu amamumvera chisoni, akachira amakwatira, amabwerera pa ntchito. Koma akangotchedwa wamisala dzinalo limamukakamira moyo wonse, ana amamuthamangira kumbuyo, mwini bwato samufunanso, olo atanena zanzeru pa bwalo amati musiyeni mutu wake suyenda bwino. Nde mukamawalanda mawu oti amulodza popanda kuwapatsa ena abwino, mukuwalanda chomwe chikuteteza ulemu wa mwana wawo. Apatseni chokanena: "anadwala matenda a kusagona ndi maganizo, akulandira thandizo kuchipatala, akupeza bwino." Ndi zoona ndipo sizimupachika dzina. Za amene angauzidwe zambiri, monga mwini bwato kapena chibwenzi chake, asankhe yekha wodwalayo mutu ukakhazikika.

Asing'anga, ashehe ndi abusa a m'dera lanu muwadziwe. Si onse amene angagwirizane nanu, ena ndi andalama basi ndipo amasunga odwala miyezi mbuzi zikutha m'khola. Koma alipo ambiri amene wodwala wolusa amawasowetsa mtendere iwonso, ndipo mukawauza mwaulemu kuti wotentha thupi, wokomoka, wosadya, wofuna kudzipha kapena mayi amene wasokonezeka atangobereka azimutumiza msanga, amatumiza. Mukawanyoza pamaso pa abale, zimakawafika tsiku lomwelo.

Asanatuluke mnyamata wathu uja, lembani m'buku lake la kuchipatala mlingo ndi deti yobwerera, sabata imodzi kapena awiri osati mwezi, ndipo mayi abwereze pakamwa momwe azimupatsira. Sankhani munthu mmodzi wosunga mapiritsi, osati wodwalayo, ndipo aperekeni ochepa ofika pa detiyo basi. Tengani nambala ya foni ya amalume, ndipo ngati banjalo lavomera dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa mudzi wawo kuti akapanda kuoneka akawayendere. Akabwera atadumpha deti, mphini zina zatsopano zili pa msana, musayambe ndi "munali kuti". Funsani kuti wagona bwanji, khosi linapindika kapena ayi, mapiritsi atsala angati, muwerenge pamodzi pa tebulo, kenako muyambirenso pa mlingo woyenera ndi deti ina.